Munthu wazizira mpaka pansi pa madigiri 35: zochita musanafike naye kuchipatala

Tiyerekeze kuti ndi m'mamawa wa Julayi ku Thyolo, chiperoni chachezera kuwaza usiku wonse. Mukupita kumunda ndipo m'mbali mwa njira mwapeza bambo wa m'mudzi mwanu ali gone pa udzu wonyowa. Dzulo madzulo anali kumowa. Malaya ndi thalauza zanyoweratu, manja ali zii ngati mwala wa mumtsinje, akunjenjemera, ndipo mukawafunsa dzina akuyankha molemera lilime. Anthu amene asonkhana akuti ndi matsire chabe. Wina akuti akolezereni moto, wina akuti apatseni kachasu pang'ono kuti magazi ayende, wina wayamba kale kuwatikita miyendo.

Onsewa ali ndi mtima wothandiza, koma zinthu zitatu zimene atchulazo zikhoza kuwapha bambowa. Ndalemba malangizowa chifukwa pa vuto ili, zimene manja amathamangira kuchita ndi zimene siziyenera kuchitika.

Kodi 35 ikutanthauza chiyani?

Thupi la munthu wabwinobwino limasunga kutentha kwa m'kati pafupifupi madigiri 37 pa muyezo wa Selisiyasi, kaya kunja kukutentha kapena kukuzizira. Tinazolowera kuopa nambala ikakwera, chifukwa malungo anatiphunzitsa kuti 39 ndi 40 ndi zoopsa. Nambala ikatsika ambiri timati ndiye kuti zili bwino, thupi silikutentha. Koma kutentha kwa m'kati kukatsika kupitirira madigiri 35, ndiye kuti thupi likutaya kutentha mofulumira kuposa momwe likukupangira. Achipatala amalitcha vutoli haipothemiya.

Kuchokera pa 35 kutsika kufika pa 32, thupi limakhala likulimbanabe. Munthu amanjenjemera kwambiri, mano amagundana, khungu limachita tsemwe, zala zimakanika kumanga batani, ndipo amakodza pafupipafupi. Kunjenjemerako ndi moto wa thupi: minofu ikugwira ntchito kuti ipange kutentha, ndipo nkhuni zake ndi shuga wa m'magazi. Pakati pa 32 ndi 28 moto uja umayamba kuzima. Kunjenjemera kumachepa kenako kumasiyiratu, munthu amasokonezeka mutu, amawodzera, amapuma pang'onopang'ono, ndipo mtima umagunda mochedwa. Ena pamenepa amayamba kuvula zovala akumati akumva kutentha, anthu n'kumaganiza kuti apenga. Pansi pa 28 munthu amakomoka, ndipo mtima umakhala wosachedwa kusokonezeka, moti kumugwedeza mwamphamvu kokha kungauimitse.

Apa pali msampha umene ndikufuna muukumbukire kuposa nambala zonsezi. Munthu wozizira amene wasiya kunjenjemera asanafundidwe sanapeze bwino. Wafika poipa. Amene akunjenjemera mpaka mano kulira ali pabwino kuposa amene wangokhala chete, maso ali gwa.

Mwina mukudabwa kuti kwathu kuno kulibe chipale chofewa, nanga munthu angazizire bwanji mpaka kufa? Sipafunika kuzizira koundanitsa madzi. Usiku wa Juni kapena Julayi ku Dedza, ku Mzimba kapena pa phiri la Mulanje ndi wokwanira ngati munthu wanyowa, kukuwomba mphepo, ndipo wagona pansi osasuntha. Madzi amakoka kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya. N'chifukwa chake msodzi amene bwato lamugubuduzira panyanja nthawi ya mwera, kapena munthu amene wachezera mumtengo madzi atasefukira monga zinachitikira pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, akhoza kuzizira koopsa ngakhale kudera lotentha. Mowa umawonjezera vutoli pawiri. Umatsegula mitsempha ya pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira kunja kumene kutentha kumathawira, ndipo munthu amamva ngati wafundidwa pomwe m'kati mukuzizira. Umatsitsanso shuga wa m'magazi, makamaka kwa amene wamwa osadya.

Kuyeza, ngati choyezera chilipo

Musataye nthawi kufunafuna choyezera kutentha kwa thupi munthu ali gone pa udzu. Zizindikiro n'zokwanira kuti muyambe. Lowetsani dzanja lanu m'kati mwa malaya, mukhudze pamimba kapena pachifuwa ndi kunja kwa dzanja. Manja ndi mapazi zimazizira kwa aliyense nthawi yachisanu, koma pamimba pakakhala pozizira, kuzizira kwalowa m'kati.

Ngati choyezera chili pafupi, pukutani kukhwapa kuume, chiikeni pakati penipeni ndipo mutsamize mkono pathupi mpaka chilire. Kukhwapa kumaonetsa nambala yotsikirapo, pafupifupi theka la digiri poyerekeza ndi m'kati mwa thupi, ndipo kwa munthu wozizira kusiyanako kumatha kukula. Zoyezera zambiri za batire sizitha kuwerenga pansi pa madigiri 32, zimangolemba `Lo` kapena `L`. Anthu ambiri akaona zimenezi amati batire yatha. Chiyeseni pa inu nokha: ngati kwa inu chikuonetsa 36 ndi kadontho koma kwa wodwalayo chikulemba `Lo`, ndiye kuti choyezera chili bwino, wodwalayo ndiye wazizira kwambiri. Chagalasi chakale chija nambala zake zimayambira pa 35, ndipo mukapanda kuchikutumula kuti mzere utsike pansi penipeni chimangoonetsa nambala ya munthu amene anayezedwa komaliza. Chija cholozetsa pachipumi, chimene chinafala nthawi ya Kovidi, musachidalire pano, chifukwa chimawerenga khungu lomwe lakhala likuwombedwa mphepo.

Tinene kuti kwa bambo athu aja mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzimo wabwera ndi choyezera, ndipo chaonetsa 33.4. Akunjenjemerabe, akudziwa dzina lawo koma sakudziwa kuti lero ndi lachingati. Ali m'gawo loyamba, koma kusokonezeka kwa mutuko kukutiuza kuti tisawaone mopepuka.

Choyamba: aitaneni, onani mpweya, tumani munthu

Gwadani pambali pawo, muwaitane ndi kuwagwira paphewa pang'ono, osawagwedeza. Onani ngati chifuwa chikukwera ndi kutsika. Yang'ananinso msanga ngati pali bala m'mutu kapena magazi, chifukwa munthu woledzera amene wapezeka pansi mwina anagwa, anamenyedwa kapena kugundidwa ndi njinga. Ngati mukukayika za khosi kapena msana, mutu, khosi ndi thupi ziyendere limodzi powanyamula.

Nthawi yomweyo lozani munthu mmodzi, mumutchule dzina, mumutume kukafuna galimoto kapena ngolo. Mukangoti wina apite, aliyense amayang'ana mnzake. Mtumeni wachiwiri kukatenga mabulangete, zovala zouma ndi mphasa, wachitatu akateleke madzi.

Chachiwiri: achotseni pozizira, ali chigonere

Musawadzutse kuti ayende, ngakhale iwo eni akukakamira. Anyamuleni ali chigonere, pa machira, pa chitseko kapena pa bulangete logwiridwa ndi anthu anayi, pang'onopang'ono ngati mwanyamula lichero la mazira. Chifukwa chake ndi ichi. Thupi likazizira limatseka mitsempha ya m'manja ndi m'miyendo kuti magazi ofunda atsale pa mtima, mapapo ndi ubongo. Magazi a m'miyendo amakhala ozizira kwambiri. Munthu akaimirira n'kuyenda, magazi ozizirawo amakhamukira ku mtima nthawi imodzi, kutentha kwa m'kati kumatsikanso, ndipo mtima wofooka kale ukhoza kusokonezeka. Kuimiritsa munthu wotere kumathanso kumukomola chifukwa magazi sakufika bwino kumutu. Izi n'zofunika kwambiri povuula munthu m'madzi: ngati n'kotheka mutulutseni chogona, osati chomukoka m'khwapa ali chilili.

Alowetseni m'nyumba yapafupi. Ngati nyumba ili kutali, pezani potchinga mphepo, ngakhale kuseri kwa nkhokwe kapena kwa bwato. Ndipo musaiwale pansi. Anthu amaunjika mabulangete pamwamba n'kumusiya wodwala pa simenti kapena pa dothi lonyowa, pomwe pansipo ndi pamene pakuyamwa kutentha kwambiri. Yalani mphasa, pamwamba pake makatoni, matumba, udzu wouma kapena matiresi, kenako bulangete.

Chachitatu: zonyowa zichoke

Mukafika potchingika, avuleni zovala zonse zonyowa. Ngati bambowo auma thupi kapena sakutha kuthandiza, musalimbane ndi kupinda mikono yawo, dulani malayawo ndi sizasi kapena mpeni. Malaya agulanso ena. Tulutsani anthu ongoonerera, atsale awiri kapena atatu, ndipo muwafunditse chitenje povula kuti ulemu wawo usungike. Pukutani thupi mongogunditsa nsalu youma, osakhula. Tsitsi liumenso.

Ngati muli panja pa mphepo ndipo mulibe chouma chilichonse chowaveka, kuwavula kungawaziziritse kwambiri. Pamenepo finyani zimene mungathe, akulungeni pepala la pulasitiki pamwamba pa zonyowazo kuti madzi asamauluke ndi kutentha kwa thupi, ndipo pamwamba pa pulasitikiyo muike chilichonse chofunda chimene muli nacho.

Chachinayi: funditsani pakati pa thupi, osati nsonga

Akulungeni thupi lonse ndi mabulangete ouma awiri kapena atatu, pansi ndi pamwamba. Mutu ndi khosi zifundidwe ndi chipewa cha ulusi kapena chitenje, nkhope yokha ikhale poyera kuti muziona momwe akupumira. Kunja kwa mabulangete mukhoza kukulunga pulasitiki kapena tenti yotchinga mphepo, koma isafike kumaso.

Bulangete silipanga kutentha, limangosunga kumene kulipo. Kwa munthu amene akunjenjemera mwamphamvu, zimenezi zimathandiza kwambiri chifukwa thupi lake likudzipangira lokha. Amene wasiya kunjenjemera alibe choti bulangete lisunge, choncho kutentha kuyenera kuchokera kunja. Thirani madzi ofunda m'mabotolo, mutseke zolimba, mukulunge lililonse ndi nsalu. Liyeseni pa mkono wanu: ngati simungalisunge pamenepo kwa mphindi yathunthu, latentha kwambiri. Ikani mabotolowo m'khwapa zonse ziwiri, pachifuwa ndi kumsana chakumtunda. Musaike kumapazi kapena m'manja, ngakhale kuti ndi kumene kukuoneka kozizira kwambiri. Khungu lozizira limapsa msanga ndipo mwini wake samva kuwawa, ndiye muzisuzumira pansi pa botolo pakapita mphindi 10 kapena 15 zilizonse, ndi kusintha madzi akazizira. Njerwa kapena mwala wofunditsidwa pamoto n'kukulungidwa bwino umagwiranso ntchito, koma ndi umene umawotcha anthu kawirikawiri, choncho muukulunge kawiri.

Ngati palibe botolo, munthu wofunda alowe nawo m'bulangete, chifuwa chake chikhudze msana kapena chifuwa cha wodwalayo. Kwa wamkulu njira iyi siifulumira kwenikweni, koma iposa kungokhala. Kwa mwana ndi njira yabwino kuposa zonse.

Tsopano za moto uja. Kufunditsa chipinda n'kwabwino. Kumukhazika wodwala pafupi ndi moto, mapazi atalozetsa ku malawi, n'kulakwa: mitsempha ya pakhungu imatseguka mwadzidzidzi, magazi amachoka pakati pa thupi, munthu n'kukomoka, ndiponso akhoza kupsa osazindikira. Kumusambitsa madzi otentha kumachita zomwezo, mwinanso moposa. Kutikita manja ndi miyendo kumakankhira magazi ozizira aja ku mtima. Ndipo mbaula ya makala m'chipinda chotseka mawindo ndi imfa ina payokha. Makala amatulutsa mpweya wakupha wosaoneka ndi wosanunkha, umene umagonetsa onse ali m'chipindamo, wodwala ndi omusamalira omwe. Ngati mukugwiritsa ntchito mbaula, ikhale pakhomo kapena pakhonde yofunditsira madzi, zenera lili chitsegulire.

Chachisanu: chakumwa, koma kwa amene ali maso

Funso ndi limodzi: kodi akutha kugwira kapu okha ndi kumeza bwino? Ngati akutha, atsamiritseni pang'ono, muwapatse madzi ofunda a shuga wambiri, tiyi wa shuga kapena phala lamadzimadzi, pang'onopang'ono. Chofunika kwambiri m'kapumo ndi shuga, osati kutentha kwake, chifukwa shugayo ndi amene akusonkhezera kunjenjemera. Ngati akuwodzera, akulephera kuyankha kapena madzi akutuluka m'mbali mwa kamwa, musawapatse kanthu kalikonse. Zikhoza kulowera m'mapapo. Agonekeni chammbali, mwendo wapamwamba utapindidwa, kuti akasanza masanzi atuluke.

Mowa ayi, ngakhale kadontho. Fodya ayinso. Panado ndi mankhwala a malungo alibe ntchito pano.

Chachisanu ndi chimodzi: khalani nawo, muziyezanso

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa chifukwa cha chifundo. Amati afunda tsopano, asiyeni agone, mowa uwathere. Kenako aliyense amapita ku ntchito zake. Munthu wozizira sasiyidwa yekha. Muziwalankhula, muziwafunsa mafunso osavuta, ndipo muziyeza pakatha theka la ola lililonse.

Musadabwe nambala ikayamba yatsika kaye. Kwa bambo athu aja, pakatha mphindi 30 choyezera chikhoza kuonetsa 33.1 m'malo mwa 33.4, chifukwa magazi ozizira a m'miyendo akubwerera pang'onopang'ono. Zikatero musawonjezere moto mwamantha. Thupi limafunda mochedwa, mwina digiri imodzi pa ola kapena kupitirirapo pang'ono, moti kuchoka pa 33 kufika pa 36 ndi ntchito ya maola angapo. Chimene mukuyang'ana kwambiri ndi munthuyo. Ngati mawu ayamba kumveka bwino, akuzindikira anthu, ndipo akudandaula kuti akumva kuzizira, zikuyenda. Kunjenjemera kukasiya pamene mutu ukuchita bwino ndi pamimba pakufunda, ndiye kuchira. Kukasiya pamene tulo tikukula ndi mayankho akuchepa, ndiye kuti zikuipiraipira, ndipo ulendo wa kuchipatala usachedwenso ndi mphindi imodzi.

Ndani ayenera kupita kuchipatala?

Mnyamata wamphamvu amene wanyowa ndi mvula, akunjenjemera koma mutu uli bwinobwino, ndipo wafunda pasanathe ola limodzi kapena awiri, akhoza kutsala pakhomo akuyang'aniridwa. Asayende kwa theka la ola loyambirira. Ena onse apite: aliyense wosokonezeka mutu kapena wowodzera, amene wasiya kunjenjemera, amene choyezera chalemba `Lo`, amene anamira m'madzi, wovulala, mwana wamng'ono, nkhalamba, wodwala shuga, ndi woledzera ngati bambo athuwa. Kwa iwo sitingadziwe ndi maso kuti lilime likulemera chifukwa cha mowa, kuzizira, kutsika kwa shuga kapena magazi amene akukha m'kati mwa mutu. Kuchipatala adzayeza shuga pa chala, adzaona mtima, ndipo akhoza kuwaika diripi yofunditsidwa ndi mpweya wothandizira kupuma.

Pali gulu lina limene limaiwalika. Munthu amene thupi lake latsika pansi pa 35 ali m'nyumba, sananyowe, sanagone panja, ameneyo sikuti wangozizidwa. Matenda aakulu amene alowa m'magazi amatha kutsitsa kutentha m'malo mokukweza, makamaka kwa agogo, makanda ndi anthu ofooka ndi matenda a nthawi yaitali. Agogo amene akhala akutsokomola masiku atatu, lero ali zii ndipo sakuzindikira adzukulu, afunditseni inde, koma muli m'njira yopita kuchipatala.

Paulendo akhale chigonere, atakulungidwa momwe munawakulungira muja, mabotolo ali m'malo mwake. Pa ngolo kapena kumbuyo kwa lole yalani matiresi ndipo mutchinge mphepo. Muuzeni woyendetsa apewe mabampu ndi kuima modzidzimutsa. Kabaza wa njinga yamoto ndi woipa pa vuto ili, chifukwa wodwala amakhala tsonga, mphepo ikumuwomba, msewu ukumugwedeza. Ngati palibiretu njira ina, ndipo wodwalayo ali maso, akhale pakati pa woyendetsa ndi womugwira, atakulungidwa bulangete ndi pulasitiki, njinga iziyenda pang'onopang'ono. Wokomoka ndi bwino kumunyamula pa machira mpaka pamsewu pamene galimoto ingafike. Mukafika, auzeni anamwino nthawi imene munawapeza, nambala zimene munayeza, ndi zomwe mwawapatsa.

Ngati akuoneka ngati amwalira

Munthu wozizira kwambiri amafanana ndi mtembo. Amauma, khungu limachita phulusa, maso sasuntha, ndipo mpweya umatuluka mwa apo ndi apo moti simungauone mukangoyang'ana mwachangu. Musathamangire kulengeza maliro. Ikani tsaya lanu pafupi ndi mphuno yake, maso ali pachifuwa, zala ziwiri zili pambali pa kholingo, ndipo mudikire mphindi imodzi yathunthu, mukuyang'ana pa wotchi. Mukaona kupuma ngakhale kochepa, kapena mukamva mtima ukugunda ngakhale mochedwa, musamupsinje pachifuwa, chifukwa mukhoza kuimitsa mtima umene ukugwirabe ntchito. Mufunditseni ndi kumunyamula mosamala kwambiri.

Ngati mphindi yatha popanda chizindikiro chilichonse, yambani kupsinja pakati pa chifuwa ndi manja awiri, kulowa masentimita 5 kapena 6, ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Mukapsinja ka 30, muuzireni mpweya m'kamwa kawiri, kenako mupitirize. Kwa womira m'madzi yambani ndi kuuzira mpweya. Muzilandirana, chifukwa manja amatopa pakatha mphindi ziwiri, ndipo musasiye msanga. Ubongo wozizira umafuna mpweya wochepa, choncho umapirira nthawi yaitali kuposa wa munthu wofunda. Mu 1999 ku Norway, dokotala wina wamkazi wa ku Sweden dzina lake Anna Bågenholm anagwera mumtsinje woundana n'kukhala pansi pa madzi oundanawo kwa mphindi pafupifupi 80. Thupi lake linatsika kufika pa madigiri 13.7 ndipo mtima unaima, koma anatsitsimuka n'kudzabwereranso pa ntchito. Iye anathandizidwa ndi makina ofunditsa magazi kunja kwa thupi, amene sapezeka m'zipatala zambiri, ndiye sindikulonjeza kuti aliyense adzadzuka. Koma kunena kuti munthu wozizira wamwalira ndi ntchito ya achipatala, atayesa kumufunditsa kaye.

Mwana wonyentchera ndi khanda

Sindingamalize osanena za ana, chifukwa iwo amazizira ngakhale tsiku lopanda chiperoni. Mwana wonyentchera kwambiri, kaya wowonda mpaka nthiti kuonekera kapena wotupa mapazi, alibe mafuta osunga kutentha ndipo alibe shuga wosungira. Kukhwapa kwake kukaonetsa pansi pa 35, kapena choyezera chikakana kuwerenga, ganizani zinthu zitatu pamodzi: kuzizira, kutsika kwa shuga, ndi matenda m'magazi. Nthawi yoopsa kwambiri ndi m'bandakucha, pamene kwazizira ndipo mwana watha maola ambiri osadya.

Ngati ali maso ndipo akumeza, muyamwitseni nthawi yomweyo, kapena sungunulani supuni yaing'ono imodzi yodzaza ya shuga m'masupuni aakulu atatu a madzi abwino, mummwetse pang'onopang'ono. Mvuleni thewera lonyowa, muike pachifuwa cha mayi kapena bambo khungu kukhudza khungu, mumveke chipewa, mumange chitenje ndi kufunditsa onse awiri bulangete. Ndi njira ya kangaru yomwe ija amaphunzitsa amayi a ana obadwa masiku asanakwane. Botolo la madzi otentha lisayandikire mwana, khungu lake limapsa mosavuta. Musamusambitse. Muzimudyetsa pakatha maola awiri aliwonse, usiku womwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo ali pachifuwa pomwepo, osati kumsana kumene mphepo ikumupeza.

Kwa khanda longobadwa kumene malire ake ndi okwera: pansi pa 36.5 lazizira kale, musadikire 35. Khanda silinjenjemera ngati wamkulu, ndiye chizindikiro chimene tadalira pa bambo aja pano palibe. Mudzaona kuti likuyamwa mofooka kapena lakana bere, likulira motsitsa mawu, langoti lobodo, ndipo mapazi ndi pamimba pali zii. Liikeni pachifuwa cha mayi, chipewa kumutu, ndipo ngati silikutha kuyamwa mayi afinyire mkaka m'kapu yoyera n'kulimwetsa pang'onopang'ono muli m'njira. Khanda limene silikumeza n'komwe musalikakamize, lizingokhala pachifuwa mpaka mufike m'manja mwa anamwino.